Komishoni ya masitepe: werengani nokha musanasayine

Mwezi ukamatha, m'minibasi zochokera ku Limbe kupita ku Manje, ku Chimwankhunda ndi ku Zingwangwa mumakhala nkhani imodzimodzi. Anyamata ndi atsikana amene amayenda ndi buku la maoda m'magolosale, kugulitsira makampani sopo, mafuta ophikira, mabisiketi ndi zina zotero, amakhala akudandaula kuti komishoni yatuluka yoperewera. Wina amati abwana ndi akuba. Wina amati akauntanti amadya ndi anzake. Koma mukawafunsa kuti yaperewera ndi ndalama zingati, ndipo yaperewera pati, ambiri amangoti, "Basi yachepa, ine ndidagulitsa kwambiri."

Abale anga, mawu akuti "yachepa" sabweza ndalama. Mu ofesi amamva manambala. Lero ndiye tikhale pansi ndi cholembera, tione m'mene munthu angafananizire sitetimenti yake ya pamwezi ndi maperesenti amene adagwirizana ndi kampani. Masamu ake si apatali. Amene adafika Sitandade 8 akhoza, ndipo amene ali pa sukulu ya ntchito zamanja ya Soche kapena ku sekondale aphunzirepo, chifukwa ambiri a inu ntchito yoyamba imene mudzapeze idzakhala yomweyi.

Tiyerekeze mtsikana wokhala m'munsi mwa phiri la Soche amene amagulitsira kampani ina ya holoselo ya ku Limbe. Dera lake ndi magolosale a ku Manje, Chilobwe, Kamba ndi Zingwangwa. Pomulemba ntchito adam'patsa pepala lonena kuti komishoni yake ili m'masitepe atatu. Pa malonda ofika K2,000,000 pamwezi ndi 2 peresenti. Kupitirira K2,000,000 kulekeza K5,000,000 ndi 4 peresenti. Kupitirira K5,000,000 ndi 6 peresenti. Manambalawa ndi oyerekeza chabe. Inu muikepo a pa pepala lanu.

M'mwezi wa Disembala 2024 mlongo wathuyu adathamanga osapuma. Ataphatikiza mainvoisi onse a m'kabuku kake adapeza K7,223,000. Adatenga 6 peresenti ya ndalamayi, n'kupeza K433,380, ndipo mumtima adagawa kale: iyi ya lendi, iyi ya fizi ya mng'ono wake, iyi ya feteleza kumudzi. Sitetimenti itabwera idati komishoni ndi K156,000. Kusiyana kwake ndi K277,380. Kodi wamubera ndani? Tisafulumire kuyankha. Tiyeni tiitsate ndalamayi phazi ndi phazi.

Funso loyamba, limene ambiri safunsa tsiku lolembedwa ntchito chifukwa cha chisangalalo, ndi lakuti masitepewo amagwira bwanji. Pepala limodzi lomwelo likhoza kuwerengedwa m'njira ziwiri, ndipo njira ziwirizi zimabala ndalama zosiyana kutalitali.

Njira yoyamba ndiitcha ya mulu umodzi. Ukafika pa sitepe yapamwamba, peresenti ya sitepeyo imagwira pa malonda ako onse, kuyambira kwacha yoyamba. Wagulitsa K6,200,000, ndiye kuti 6 peresenti ya ndalama yonseyo, imene ndi K372,000.

Njira yachiwiri ndi yokwera sitepe ndi sitepe. Apa chigawo chilichonse cha malonda chimalipidwa ndi peresenti yakeyake, monga m'mene msonkho wa pa malipiro, uja wa PAYE, umawerengedwera. Pa K6,200,000 yomweyo, K2,000,000 yoyamba imalandira 2 peresenti, imene ndi K40,000. K3,000,000 yotsatira, kuchokera pa 2 miliyoni kufika pa 5 miliyoni, imalandira 4 peresenti, imene ndi K120,000. Yotsala pamwamba ndi K1,200,000, ndipo ndi yokhayi imene imalawa 6 peresenti, kutipatsa K72,000. Kuphatikiza zonse ndi K232,000.

Taonani. Malonda ndi omwewo, pepala ndi lomwelo, koma njira ina ikupereka K372,000 pamene ina ikupereka K232,000. K140,000 yathunthu ili pakati pa ziwirizi, ndipo palibe amene waba. Wogulitsa amawerenga pepalalo ndi maso a njira yoyamba, kampani imalipira ndi njira yachiwiri, mkangano n'kubadwa.

Mungadziwe bwanji njira imene kampani yanu imatsata? Poyamba werengani mawu enieni a pa pepalalo. Likati "pa K2,000,000 yoyamba", kenako "pa K3,000,000 yotsatira", kenako "pa yopitirira apo", imeneyo ndi ya sitepe ndi sitepe. Likati "ukapitirira K5,000,000 ulandira 6 peresenti pa malonda onse", umenewo ndi mulu umodzi. Vuto n'lakuti mapepala ambiri amangokhala kandandanda ka manambala kopanda chiganizo ngakhale chimodzi. Zikatero, sitetimenti yomweyo ikuuzani. Tengani komishoni imene mwalipidwa, igaweni ndi malonda amene alembedwa pa sitetimentipo, kenako chulukitsani ndi 100. Yankho likakhala ndendende 2, 4 kapena 6, kampani ikutsata mulu umodzi. Likagwera pakati, monga 3.2 kapena 3.7, ikukwera sitepe ndi sitepe. Chenjezo n'lakuti kuyesaku kumagwira pa mwezi umene mwadutsa sitepe yoyamba, chifukwa m'munsi mwa K2,000,000 njira zonse ziwiri zimapereka yankho limodzi.

Pa sitetimenti ya mlongo wathu, malonda adalembedwa kuti ndi K4,900,000. Kugawa K156,000 ndi K4,900,000 kukupereka 3.18 peresenti, ndiye kuti kampani yake imakwera sitepe ndi sitepe. Tiyese: K40,000 ya sitepe yoyamba, kuphatikiza 4 peresenti ya K2,900,000, imene ndi K116,000, zikukwana K156,000. Masamu a maperesenti ali bwino. Ndiye nkhani si peresenti ayi. Nkhani ndi yakuti iye akuti adagulitsa K7,223,000 pamene kampani ikuti K4,900,000.

Apa ndi pamene pagona funso lachiwiri, lalikulu kuposa loyamba: peresentiyo ikugwira pa ndalama iti? Ogulitsa ambiri amayang'anitsitsa peresenti n'kuiwala tsinde limene peresentiyo yamerapo.

Choyamba kuchotsa ndi msonkho wa VAT. Ndalama imene ya golosale amalipira pa invoisi ili ndi msonkho m'kati, ndipo msonkhowo si wa kampani, ndi wopita ku MRA. N'chifukwa chake mapangano ambiri amati komishoni iwerengedwa pa mtengo wopanda msonkho. Mu 2024 VAT idali 16.5 peresenti. Mlingo wa msonkhowu boma limatha kuusintha, choncho inu muziona umene walembedwa pa invoisi ya mwezi umene mukuwerengawo, komanso dziwani kuti katundu wina salipiritsidwa msonkhowu.

Pochotsa msonkhowu pali dzenje limene ngakhale ena a mu ofesi amagweramo. Munthu amatenga K7,223,000 n'kuchotsako 16.5 peresenti yake, n'kutsala ndi K6,031,205. Kumeneko n'kulakwa. Msonkho udaikidwa pamwamba pa mtengo wopanda msonkho, osati pamwamba pa ndalama yonse. Njira yoona ndi kugawa K7,223,000 ndi 1.165, ndipo yankho lake ndi K6,200,000. Mukakayika, bwererani m'mbuyo: 16.5 peresenti ya K6,200,000 ndi K1,023,000, ndipo ziwirizi pamodzi zikubwezera K7,223,000. Wochotsa molakwika uja wakudyerani malonda a K168,795, amene pa sitepe ya 6 peresenti ndi ndalama yopitirira K10,000. Imeneyi si ya machesi.

Tsono malonda enieni a mlongo wathu ndi K6,200,000. Kampani yalemba K4,900,000. Pakusowa K1,300,000. Kuti ipezeke palibe njira yachidule: kabuku kake mbali ino, mndandanda wa mainvoisi amene kampani yawerengera mbali iyo, n'kumachonga imodziimodzi. Ngati sitetimenti yangolemba nambala imodzi yonse popanda mndandandawo, upempheni. Atachonga, adapeza zinthu zitatu.

Chinthu choyamba ndi katundu wobwezedwa. Golosale ina ya ku Chilobwe idabweza makatoni a K300,000 chifukwa adafika ataphwanyika. Pangano limati wobwezedwa sawerengedwa, ndiye apa palibe chodandaula. Chofunika kuona n'chakuti achotsa K300,000 yopanda msonkho, osati K349,500 ya msonkho m'kati, komanso kuti sadzaichotsanso kachiwiri mwezi wamawa. Lembani nambala ya pepala lobwezera katunduyo m'kabuku kanu kuti mudzaizindikire ikadzabweranso.

Chinthu chachiwiri ndi tsiku lotsekera buku. Mwezi wa wogulitsa umatha pa 31, koma mwezi wa kampani imeneyi umatha pa 25. Oda ya K600,000 imene sitolo ina ya ku Kamba idatenga pa 27 Disembala pokonzekera chaka chatsopano idagwera mu Januwale. Makampani ena satsata tsiku la invoisi koma tsiku limene wogula walipira, kotero kuti katundu wotengedwa pangongole sabala komishoni kufikira ndalama italowa. Ngati pangano limanena choncho, kampani siidalakwe.

Koma musamve zoti "osadandaula, ibwera mwezi wamawa" n'kungogwedeza mutu. Pa komishoni ya masitepe, mwezi umene invoisi yagwera umasintha mtengo wake. K600,000 imeneyi ikadawerengedwa mu Disembala ikadakhala pamwamba pa mulu, pa 6 peresenti, n'kubala K36,000. Januwale tonse tikumudziwa: anthu ndalama zathera ku fizi ndi ku munda, magolosale sakuoda. Ngati malonda a Januwale, kuphatikiza oda imeneyi, athera pakati pa 2 ndi 5 miliyoni, idzabala ndalama yosapitirira K24,000. Akalephera kudutsa K2,000,000, idzabala K12,000 yokha. Oda yake yomweyo, thukuta lake lomwelo. Phunziro lake n'lakuti dziwani tsiku lotsekera buku, ndipo mwezi umene muli pa sitepe yapamwamba limbikirani kuti maoda akuluakulu alembedwe invoisi tsikulo lisanafike. Ndipo mukaona kuti invoisi ya pa 23 kapena pa 24 yakankhidwira mwezi wamawa popanda chifukwa, limenelo ndi dandaulo loona.

Chinthu chachitatu ndiye cholakwika chenicheni. Invoisi ya K400,000 ya sitolo ina ya ku Zingwangwa sidaoneke pa mndandanda wake. Mwini sitoloyo adaoda kwa mlongo wathu, koma katundu adakatenga yekha ku depoti, ndipo wolemba invoisi adaika nambala ya wogulitsa wina. Zoterezi zimachitika kawirikawiri kumene madera a ogulitsa awiri agundana, monga Zingwangwa ndi Chilobwe, kapena pamene kasitomala walipira ku ofesi m'malo molipira kwa wogulitsa. Umboni wake ndi kope ya oda imene ili ndi tsiku ndi saini ya kasitomala. Wopanda kabuku sangapambane mlandu umenewu.

Tiyeni tsopano tiwerengenso. K6,200,000 kuchotsa K300,000 yobwezedwa ndi K600,000 ya Januwale, patsala K5,300,000. Amenewa ndiwo malonda oyenera kulembedwa pa sitetimenti ya Disembala. Sitepe yoyamba K40,000, yachiwiri yadzaza K120,000, ndipo K300,000 yakwera pa 6 peresenti, imene ndi K18,000. Zonse pamodzi K178,000. Adalandira K156,000. Chimene kampani ikuyenera kumuwonjezera ndi K22,000.

Onaninso kamsampha kena apa. Akauntanti akavomereza kuti invoisi idasokera, akhoza kunena kuti, "Chabwino, munali pa 4 peresenti, ndiye 4 peresenti ya K400,000 ndi K16,000." Ayi. Invoisiyo ikudutsitsa malire. K100,000 yake yoyamba ikudzaza sitepe yachiwiri kufika pa K5,000,000, ndipo ikubala K4,000. K300,000 yotsalayo ili pa sitepe yachitatu, ikubala K18,000. N'chifukwa chake invoisi yosokera iyenera kubwezeredwa m'mwezi wake ndipo mwezi wonsewo uwerengedwenso, osati kuiponya mu Januwale kumene idzagwere pa sitepe yapansi.

Kwa amene kampani yawo imatsata mulu umodzi, invoisi imodzi yosokera imapweteka koposa. Pa K4,900,000 munthu akadalandira 4 peresenti, K196,000. Pa K5,300,000 akadalandira 6 peresenti, K318,000. Pepala limodzi la K400,000 likadamutayitsa K122,000. Choncho malonda anu pa sitetimenti akathera pang'ono chabe m'munsi mwa malire a sitepe, umenewo ndiwo mwezi wochonga invoisi iliyonse kawiri.

Pali kachidule kamene mungakasunge m'mutu ngati muli pa njira ya sitepe ndi sitepe. Werengeranitu komishoni ya pa malire alionse. M'chitsanzo chathuchi, pa K2,000,000 ndi K40,000, pa K5,000,000 ndi K160,000. Mwezi uliwonse mumangotenga nambala ya malire amene mwadutsa, n'kuwonjezera peresenti ya ndalama yopitirira. Ndipo mukaona sitetimenti ikuti malonda apitirira 5 miliyoni koma komishoni ili m'munsi mwa K160,000, mwadziwiratu muli m'minibasi momwemo kuti china chalakwika.

Mukatha zonsezi m'pamene mumayang'ana zodulidwa. Musasokoneze komishoni yonse ndi ndalama imene yalowa m'thumba kapena mufoni. Pakati pa ziwirizi pamakhala msonkho, adivansi imene mudatenga pakati pa mwezi, kapena ngongole ya kasitomala imene akuti mulipire ndinu. Chodulidwa chilichonse chikhale ndi mzere wake ndi dzina lake. Mzere wongolembedwa kuti "zina" ufunseni, chifukwa "zina" si dzina la ngongole.

Onetsetsaninso kuti pepala la masitepe limene muli nalo ndi limene likugwira ntchito. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu idakwera, ndipo makatoni omwewo amene kale ankathera pa sitepe yachiwiri adayamba kufika pa yachitatu. Zikatero kampani imafuna kukweza malire. Ikatero iyenera kukambirana nanu ndi kukupatsani pepala latsopano lokhala ndi tsiku loyambira. Malire atsopano kuwagwiritsa pa malonda amene mudagulitsa kale pansi pa malire akale, kumeneko n'kusintha malamulo a mpira mpirawo utatha.

Kodi lamulo likuti chiyani? Lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito mfundo za ntchito yake zolembedwa, kuphatikizapo mlingo wa malipiro ndi m'mene amawerengedwera. Limatinso polipira wantchito apatsidwe pepala loonetsa malipiro onse, chodulidwa chilichonse ndi chifukwa chake, komanso ndalama yotsala. Ndiye kupempha sitetimenti yomveka si mwano. Mukalephera kumvana pa kampani, pali ofesi ya zantchito ya boma, ndipo kupitirira apo pali bwalo loweruza milandu ya apantchito limene limakhala ku Blantyre konkuno. Koma dziwani malire ake: chitetezo chimenechi n'cha munthu wolembedwa ntchito. Amene amagulitsa ngati ejenti woima payekha chishango chake chachikulu ndi pangano lolembedwa, ndipo ngati adangogwirizana pakamwa, nkhondo yake ndi yovuta.

Polowa mu ofesi, lowani ndi pepala limodzi. Palembedwe malonda anu opanda msonkho, zimene mukuvomereza kuti zichotsedwe, nambala ndi tsiku la invoisi yosowa, ndi masamu a masitepe atatu aja. Mawu ake akhale otere: "Bwana, yobwezedwa ija ndi ya pa 27 ija ndavomera, koma invoisi iyi ya ku Zingwangwa ndi yanga, kope ya oda ndi iyi. Ikalowa, komishoni ikhala K178,000. Mungandionereko?" Siyani kope imodzi, ina sungani, ndipo pitani sabata yomweyo buku la mwezi wotsatira lisanatsekedwe. Ngati akufuna musayine kuti mwalandira, lembani pambali pa saini yanu kuti invoisi yakutiyakuti mukuifunsabe.

Taonani kusiyana kwake. Mlongo wathu akadalowa akukalipa kuti amubera K277,380, akadatuluka ndi manyazi, chifukwa pa ndalama imeneyo K255,380 sidali yoti alandire mu Disembala, ndipo K22,000 yake yeniyeni ikadamira m'phokoso lomwelo. Akadakhalanso chete poopa kuchotsedwa ntchito, ikadapita. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ndimalize ndi mawu kwa eni makampani a ku Limbe, ku Ginnery Corner ndi ku Makata. Inu mudaika masitepe kuti ana awa azithamanga. Nanga munthu athamanga bwanji pa makwerero amene sakuwaona? Onjezani chiganizo chimodzi pa pepala la maperesenti chonena ngati ndi mulu umodzi kapena sitepe ndi sitepe. Nenani ngati msonkho uli m'kati, nenani tsiku lotsekera buku, ndipo pa sitetimenti ikani mndandanda wa mainvoisi ndi mizere itatu ya masitepe. Inki yake ndi yochepa kuposa ya kalata yochenjeza wantchito amene wakalipa mu ofesi.

Inu ogulitsa, mwezi uno gulani kabuku, mujambule mizere isanu: tsiku, sitolo, nambala ya invoisi, mtengo wopanda msonkho, ndi tsiku limene kasitomala walipira. Muzilemba madzulo alionse musanagone. Sitetimenti ikadzabwera mudzakhale mukudziwa kale nambala imene iyenera kukhalapo.